Kalembedwe ka mafunso a zithunzi a ana amene akuphunzira kumene kuwerenga

Mwana wa zaka 6 kapena 7 akalakwa funso la zithunzi, zifukwa zimatha kukhala zingapo. Mwina sanamve zimene mphunzitsi ananena, mwina anasochera mzere, mwina chithunzicho anachitchula dzina lina, kapena mwina luso limene mukuyesalo alibedi. Chimene mukufuna kudziwa ndi chomalizachi basi. Ntchito yonse yolemba funso ndi kutseka njira zinazo imodziimodzi, kuti mwana akachonga polakwika mudziwe kuti vuto lili pa lusolo, osati pa pepala lanu.

Titsata funso limodzi, loyesa ngati mwana amamva liwu loyamba la mawu, kuchokera poliganizira mpaka pounika mayankho a ana. Njira zake ndi zomwezo ngakhale pa mafunso a mitundu ina.

Yambani ndi chiganizo chimodzi

Musanafune chithunzi chilichonse, lembani pa pepala lanu chimene funsolo liyese. Chathu ndi ichi: “Mwana amatha kumva kuti mawu awiri akuyamba ndi liwu lofanana.” Onetsetsani kuti chiganizochi sichikunena za lembo. Kumva liwu ndi luso lina, kudziwa lembo loimira liwulo ndi luso linanso, ndipo mwana amatha kukhala ndi loyamba asanakhale ndi lachiwiri. Mukasindikiza lembo la g kumayambiriro kwa mzere, osalitchula, mukuyesa ngati mwana akulidziwa lembolo. Mukatchula mawu pakamwa popanda lembo lililonse pa pepala, mukuyesa khutu lake. Zonsezi n’zabwino, koma sankhani chimodzi. Mukaziphatikiza m’funso limodzi, mwana akalakwa simudzadziwa kuti mumuthandize pati.

Chiganizo chomwechi chimakuuzaninso ngati mphunzitsi azitchula mayina a zithunzi kapena ayi. Pa funso la maliwu, azitchula ndithu, chifukwa simukuyesa ngati mwana akudziwa mayina a zinthu. Pa funso loyesa mawu amene mwana amadziwa, monga “Zungulizani chigongono,” asatchule, chifukwa kutero n’kupereka yankho.

Sankhani mawu, zithunzi zibwere pambuyo

Anthu ambiri amayamba ndi zithunzi zimene ali nazo kale n’kumazifunira funso. Zikatero funso limatuluka ngati ili: mphunzitsi anena “galimoto,” ndipo pa pepala pali galu, mtengo ndi nyumba. Likuoneka labwino, koma lili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, galimoto ndi galu akufanana phatikizo lonse la ga komanso liwu lotsatira, ndiye mwana amene amamva maphatikizo okha, osatha kupatula liwu loyamba, akhoza bwinobwino. Chachiwiri, mtengo ndi nyumba zili kutali kwambiri ndi yankho moti sizikukopa aliyense, ndipo mwana akazisankha simuphunzirapo kanthu.

Tiyeni tilikonze. M’malo mwa galimoto titenge gitala. Gitala ndi galu akufanana liwu loyamba lokha, phatikizo loyamba n’losiyana. Tsopano zithunzi ziwiri zosocheretsa. Chilichonse chiyenera kuimira kulakwitsa kumene ana amachitadi. Ana ambiri amasokoneza g ndi k, chifukwa maliwu awiriwa amatulukira malo amodzi m’kamwa, kumbuyo kwa lilime, ndipo kusiyana kwake n’kwakuti pa g kholingo limanjenjemera. Ndiye tiikapo kapu. Ana ena amamvetsera kumapeto kwa mawu m’malo mwa kumayambiriro, chifukwa mathero ndi amene amatsala m’khutu. Kwa iwowa tiikapo chala, chimene chikutha ngati gitala. Funso lathu lakhala: gitala, kenako kapu, galu, chala. Mwana akasankha kapu mwadziwa kuti lingaliro la liwu loyamba ali nalo koma akufunika kumva kusiyana kwa g ndi k. Akasankha chala, mwadziwa kuti ayenera kuyambira kumbuyo pang’ono.

Pa mafunso oyambirira sankhani mawu oyamba ndi liwu limodzi lotsatana ndi a, e, i, o kapena u, monga galu, buku, sopo, fulu, lilime. Mawu monga mbuzi, nsapato, mphaka ndi dzuwa akuyamba ndi malembo angapo ophatikizana, ndipo funso lakuti “liwu loyamba ndi liti” limavuta ngakhale akuluakulu kugwirizana. Asungeni mpaka mutaphunzitsa zimenezo. Dziwaninso kuti maliwu amene amakokeka, monga m, s, f ndi l, ana amawamva msanga kusiyana ndi oduka monga g, b ndi t. Mafunso awiri kapena atatu oyamba akhale a maliwu okokeka, funso la gitala libwere chapakati.

Chithunzi chimodzi, mayina ambiri

Apa ndi pamene mafunso ambiri amafera, ndipo wolemba saona chifukwa iye akudziwa kale chimene anajambula. Mwana saona mawu amene ali m’mutu mwanu. Amaona chithunzi n’kuchipatsa dzina limene limabwera msanga pakamwa pake, ndipo ngakhale mphunzitsi atatchula dzina lina, kawirikawiri dzina lake lija ndi limene limatsala m’mutu pamene akusankha.

Taonani galu wathu. Wojambula akamujambula wamng’ono, wa mutu waukulu ndi miyendo yaifupi, mwana anena kuti “kagalu.” Liwu loyamba lasanduka k, ndipo mwana wodziwa bwino ayang’ana mzere wonse osapeza yankho. Kapu nayo ikakhala yopanda chogwirira, ena anena kuti “galasi,” ndipo pamenepo mzere uli ndi mayankho olondola awiri. Chala chikajambulidwa ndi dzanja lonse, ana anena kuti “dzanja.” Izi sizisokoneza yankho, koma chosocheretsa chija chasiya kugwira ntchito imene munachiikira.

Chiwerengero cha zinthu m’chithunzi nachonso n’chofunika kusamala, chifukwa mawu ambiri amasintha poyambira zinthu zikachuluka. Duwa limodzi ndi duwa, awiri ndi maluwa. Diso limasanduka maso, dzino mano, tsamba masamba, buku mabuku. Mukafuna d, jambulani duwa limodzi lokha pa tsinde limodzi, popanda lina loyamba kumasula pambali. Mukafuna diso, likhale limodzi, ndipo yembekezerani kuti ana ena anenabe “maso” chifukwa ndi mmene amamvera nthawi zambiri. Palinso zinthu za mayina awiri kapena atatu: mphaka, pusi kapena chona, fulu kapena kamba. Chinthu chotere sichiyenera kukhala yankho lolondola. Chikhoza kukhala chosocheretsa pokhapokha mayina ake onse asakuyamba ndi liwu limene mukuyesa.

Njira yodziwira zonsezi ndi imodzi, ndipo musaidumphe. Dulani zithunzi chilichonse pachokha. Itanani ana 6 mpaka 8 a msinkhu womwewo, amene sadzalemba nawo mayesowo, mmodzimmodzi kuti asatengerane. Musankhe osakanikirana, ofulumira ndi ochedwa omwe. Muonetseni mwana chithunzi n’kufunsa kuti, “Ichi n’chiyani?” Musamuthandize, musagwedeze mutu, ingolembani mawu oyamba amene watchula. Chithunzi cha yankho lolondola chikapatsidwa dzina lina ndi ana oposa mmodzi, chijambuleninso kapena sinthani mawuwo. Ntchitoyi imatenga mphindi zosakwana zisanu pa mwana aliyense, koma imapulumutsa mayeso a kalasi yonse.

Kajambulidwe kake

Zithunzi za mizere yakuda pa pepala loyera zimaposa zojambulidwa ndi kamera. Chojambulidwa ndi kamera chimabwera ndi zinthu zambiri kumbuyo, ndipo chikadutsa pa fotokope kawiri chimangosanduka mdima. Chinthu chikhale chimodzi m’bokosi, chathunthu, chooneka kuchokera mbali imene anthu amachizindikirira: galu ataima cham’mbali, mchira ndi makutu zikuoneka, kapu chogwirira chili pambali. Musamuveke galu chipewa kapena kumupatsa mpira. Chilichonse chowonjezera ndi dzina lina limene mwana angatchule. Ngati mukufuna mbali ya chinthu, monga chala, ikani kamuvi kamodzi kokhuthala kolozapo, ndipo muwaonetse ana tanthauzo la kamuviko m’funso loyeserera.

Zithunzi zitatu za mzere umodzi zifanane kukula, kukhuthala kwa mizere ndi kuchuluka kwa zokongoletsa. Mwana amene sakudziwa yankho amasankha chimene chamukopa maso: chachikulu, chakuda kwambiri, kapena cha nkhope yosekerera. Wolemba amakonda kujambula yankho lolondola mosamala kuposa zinazo, osazindikira n’komwe. Ikani pepala patali ngati mamita awiri n’kuyang’ana. Ngati m’mzere muli chithunzi chimene chikudumphira m’maso, chikonzeni.

Yankho lisadalire mtundu wa utoto, pokhapokha ngati mitundu ndi imene mukuyesa. Pali ana, makamaka anyamata, amene sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira, ndipo pa msinkhu umenewu ambiri amakhala asanadziwike.

Zithunzi zingati, mafunso angati

Zitatu pa mzere ndi zokwanira. Zikakhala ziwiri, kungoganizira kumapindula kwambiri: pa mafunso 10, mwana wongochonga mwachisawawa ali ndi mwayi pafupifupi 17 pa 100 wokhoza mafunso 7 kapena kuposa. Zikakhala zitatu, mwayi umenewo umatsika kufika pafupifupi 2 pa 100. Zinayi zimautsitsanso, koma mwana ayenera kusunga mayina anayi m’mutu kuphatikiza mawu a mphunzitsi, ndipo mumayamba kuyesa luso lokumbukira m’malo mwa khutu. Komanso chosocheretsa chachitatu chabwino n’chovuta kupeza, ndiye anthu amangoikapo chodzazira malo.

Masamu omwewa akuthandizeni pomasulira malikisi. Pa zithunzi zitatu, wongoganizira amapeza 3 kapena 4 pa 10 kawirikawiri, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu otere amafika pa 5 kapena kuposa. Choncho mwana amene wapeza 5 musamuwerenge kuti “akudziwa theka.” N’kutheka kuti sakudziwa chilichonse. Funso limodzi kapena awiri sangakuuzeni za luso. Perekani mafunso 8 mpaka 10 pa luso limodzi, ndipo zonse zithe m’mphindi 10 mpaka 15, ana asanatope.

Malo a yankho muwakonzeretu musanamate zithunzi. Pa mafunso 10, likhale kumanzere katatu, pakati kanayi, kumanja katatu, ndipo lisakhale malo amodzi koposa kawiri motsatizana. Mwachitsanzo, ngati 1 ndi kumanzere, 2 pakati, 3 kumanja: 2, 1, 3, 3, 1, 2, 1, 3, 2, 2. Pewani ndondomeko yobwerezabwereza ya 1, 2, 3, 1, 2, 3, chifukwa ana ena amaitulukira. Chithunzi chimene chinali yankho m’funso lina chibwerenso ngati chosocheretsa patsogolo, kuti mwana asaphunzire kuti “galu ndiye yankho nthawi zonse.”

Kuyala pepala

Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m’lifupi ndi 29.7 m’litali. Limakwana mizere isanu, mzere uliwonse wa mabokosi atatu a masentimita 4 kapena 4.5 mbali zonse, ndi mpata wa sentimita imodzi pakati. Siyanitsani mizereyo ndi mzere wokhuthala wodutsa pepala lonse. Sindikizani mbali imodzi yokha ngati pepala lili lopyapyala, kuopa kuti zithunzi za kuseri zingaonekere.

Ana ena amakhala asanazolowere manambala, ndiye kumayambiriro kwa mzere uliwonse ikani kachizindikiro kakang’ono: nyenyezi, mwezi, kiyi, mpira, ambulera. Mphunzitsi anena kuti, “Ikani chala pa nyenyezi,” n’kuyang’ana kuti onse ali pamenepo. Kachizindikiroka kakhale kakang’ono, kunja kwa mabokosi, ndipo dzina lake lisayambe ndi liwu limene mukuyesa mu mzerewo. Pepala lina lopanda kanthu lophimbira mizere ya m’munsi limathandiza kwambiri ana amene maso awo amathamangira patsogolo.

Kayankhidwe kakhale kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kuzunguliza chithunzi n’kosavuta kuposa kuchonga m’kabokosi kakang’ono pansi pake. Muwauzenso chochita akasintha maganizo, monga kuthetha cholakwikacho ndi mizere iwiri n’kuzunguliza china, apo ayi mudzapeza mizere ya zozungulizidwa ziwiri osadziwa kuti chomaliza n’chiti.

Lembani mawu a mphunzitsi onse

Pa mayeso otere, funso lenileni lili pakamwa pa mphunzitsi. Likapanda kulembedwa, kalasi iliyonse imva funso lake. La funso lathu lingakhale motere:

“Ikani chala pa mwezi. Zithunzi izi ndi kapu, galu, chala. Mvetserani: gitala. Ndi chiti chikuyamba ngati gitala? Kapu, galu, chala. Zungulizani chimodzi.”

Taonani vuto limene latulukira titalemba: mawu akuti chala abwera m’njira ziwiri, m’langizo komanso ngati chithunzi, ndipo mwana angazungulize chala chifukwa choti walimva kwambiri. Mu mzere umenewu nenani kuti “Lozani mwezi,” ndipo kuti malangizo asasinthesinthe, gwiritsani ntchito “lozani” pa pepala lonse. Zinthu ngati zimenezi zimaoneka pokhapokha mawu onse atalembedwa n’kuwerengedwa mokweza.

Mayina atatuwo atchulidwe ndi mphamvu yofanana, mpata wofanana, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mawu a munthu amakwera okha akafika pa yankho, ndipo ana amamva. Mphunzitsi anene funso kawiri, adikire masekondi 10 mpaka 15, kenako apitirire. Musalembe mafunso okana, monga “Ndi chiti sichikuyamba ngati gitala?” Kachidutswa ka si ndi kakafupi, mwana sakamva, ndipo amayankha funso lotembenuka.

Kumayambiriro ikani mafunso awiri oyeserera osawerengera malikisi. Loyamba muchitire limodzi pa bolodi, mphunzitsi akufotokoza chifukwa chake. Lachiwiri achite okha, mphunzitsi azungulire kuona ngati aliyense wazunguliza chimodzi mu mzere woyenera.

Funso likakhala la kuwerenga mawu

Ana akayamba kuwerenga mawu aafupi, njira ndi yomweyi koma mphunzitsi satchula mawu osindikizidwawo. Tinene kuti mawu ndi buku. Mukaika zithunzi za buku, galu ndi nyumba, mwana wongodziwa lembo la b akhoza osawerenga zotsalazo. Ikani bulu, amene akusiyana ndi buku pa lembo lachitatu lokha, kuti mugwire amene amangoona poyambira. Ikaninso duku, kuti mugwire amene amasokoneza b ndi d. Koma ziwirizi muziyese pa ana kaye. Bulu akaoneka ngati hatchi, kapena duku ikajambulidwa pamutu pa munthu ana n’kunena kuti “amayi,” zosocheretsazo zafa ndipo funso labwerera kukhala la lembo loyamba. Pofuna kupewa zimenezi mphunzitsi akhoza kutchula mayina a zithunzi zitatuzo, mawu osindikizidwa okha n’kuwasiyira mwana. Malembo akhale aakulu, osachepera sentimita imodzi, ndipo a ndi g zikhale za maonekedwe amene ana amalemba m’kalasi, osati a m’mabuku a akuluakulu.

Kuwerenga mayankho

Mukamaliza kuchonga, musangophatikiza malikisi. Pa funso lililonse werengani kuti ndi ana angati anasankha chithunzi chilichonse. Kenako sanjani mapepala malinga ndi malikisi onse, mupatule gulu la pamwamba ndi la pansi, lililonse pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kalasi.

Tiyerekeze kuti ana ndi 40, ndipo pa funso la gitala 22 asankha galu, 14 kapu, 4 chala. Manambalawa paokha sakunena ngati funso lili bwino. Yang’anani ana 10 apamwamba. Ngati 9 mwa iwo asankha galu, pamene mwa 10 apansi ndi 3 okha, funso likugwira ntchito, ndipo 14 aja akukuuzani kuti mubwereze g ndi k sabata ikubwerayi. Koma ngati mwa 10 apamwamba 5 asankha kapu, kayikirani chithunzi musanakayikire ana. Itanani atatu mwa iwo, aliyense payekha, lozani kapu n’kufunsa kuti, “Ichi unachitcha chiyani?” Akati “galasi,” funsolo lichotseni pa malikisi a aliyense, ndipo kapu ijambulidwenso ndi chogwirira chachikulu.

Chosocheretsa chimene palibe anachisankha, ngakhale a gulu la pansi, chasandutsa funso kukhala la zithunzi ziwiri, chisintheni. Funso limene pafupifupi onse akhoza silolakwika ngati lili kumayambiriro kapena ngati mumafuna kutsimikiza kuti phunziro lamveka. Pepala limene mwana wazunguliza bokosi la kumanzere m’mizere yonse musalipatse malikisi ngati kuti atatu amene wakhozawo ndi nzeru zake: sanamvetse chochita, kapena anataya mtima. Chimodzimodzi amene mayankho ake akulondola mukawasunthira mzere umodzi m’munsi, ameneyo anasochera mzere. Ana oterewa khalani nawo pambali, mmodzimmodzi, mufunse mafunso omwewo iwo akuloza ndi dzanja. Mwana amene amalakwa kawirikawiri maliwu oyandikana koma amakhoza mukayandikira ndiponso akakuonani pakamwa, auzeni makolo ake kuti akamupimitse makutu.

Funso lililonse limene lapambana lisungeni pa khadi lakelake: kutsogolo zithunzi zitatu zija, kuseri luso limene likuyesa, mawu a mphunzitsi, chifukwa cha chosocheretsa chilichonse, ndi chiwerengero cha ana amene anasankha chithunzi chilichonse. Mukadzaligwiritsanso ntchito pa kalasi ina, sinthani malo a yankho, ndipo ngati anawo amalankhula mosiyanako ndi oyamba aja, muyesenso mayina a zithunzizo musanasindikize.